Kudina kamodzi, chipu n'kuwerenga katatu: kunjanja kwa batani ndi njira ziwiri zokuthetsera

Vutoli limaoneka chonchi. Mwalumikiza kabatani kakang'ono pa pini 2 ya Arduino Uno, ndipo mwalemba pulogalamu yoti mukadina kamodzi nyali ya pa pini 13 iyake, mukadinanso izime. Mukudina: yayaka. Mukudinanso: yazima. Kachitatu, palibe chachitika. Kachinayi, yayaka podina n'kuzimanso pochotsa chala. Ambiri akafika apa amayamba kukayikira mawaya, ena amasintha batani, ena amawerenga pulogalamu kakhumi kufunafuna polakwika. Komatu pulogalamuyo ikuchita ndendende zomwe inauzidwa. Chomwe chasocheretsa n'chakuti batani silitseka kamodzi n'kukhala phee monga momwe chala chimamvera.

Nkhani ino ikutenga chipu chimodzi, ATmega328P chomwe chili pa Uno ndipo chimathamanga pa mamegahetsi 16, batani limodzi pa mwendo wa `PD2` (pini 2) ndi nyali imodzi pa `PB5` (pini 13). Ntchito yothetsa vutoli amisiri amaitcha dibaunsi, ndipo ingachitike ndi zipangizo zowotcherera pa bolodi kapena ndi malamulo a mu pulogalamu.

Kunjanja n'chiyani

Mukaswa kabatani ka miyendo inayi kaja, mkati mumapeza kachitsulo kopyapyala kofuka ngati kambale kovundikira. Chala chikakanikiza, kambaleko kamabwafuka n'kukagunda kachitsulo kena kapansi, magetsi n'kudutsa. Zitsulo ziwiri zikagundana mwaliwiro sizimangomatana. Chapamwambacho chimabwerera pang'ono, chimagundanso, chimabwereranso pang'ono koposa poyamba, mpaka chitakhazikika. Ndi zomwe umachita mpira mukaugwetsa pa simenti: umanjanja kangapo, ulendo uliwonse motsikirako, kenaka n'kukhala. Pochotsa chala zimachitikanso, chifukwa zitsulozo zimakhulana n'kumalekana pang'onopang'ono, makamaka ngati zachita dzimbiri kapena fumbi.

Vutoli ndi lakale ngati maswichi enieniwo, koma nyali ya babu kapena belu sizinkaliona, poti waya wa m'babu sungazizire m'kanthawi kochepa chotero. Linayamba kupweteka mutu pomwe maswichi anayamba kulumikizidwa ku zipangizo zowerengera zomwe zimaona kusintha kulikonse.

Kodi kunjanjaku kumatenga nthawi yotani? Pepala la wopanga mabatani a mtundu wa Omron B3F limalonjeza kuti sikupitirira mamilisekondi 5, ndipo milisekondi imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi. M'chaka cha 2004 injiniya wa ku America, Jack Ganssle, anayesa maswichi 18 osiyanasiyana. Mwa amenewo, 16 ankanjanja pafupifupi milisekondi imodzi ndi theka powerengera pakatikati, woipitsitsa n'kufika pa 6.2. Koma swichi ina yapadera inafika pa mamilisekondi 157. Manambala amenewa akuuza zinthu ziwiri: mamilisekondi 10 ndi poyambira pabwino pa mabatani ambiri, ndiponso palibe nambala yomwe ingakwanire swichi iliyonse osaiyesa.

Chomwe chipu chimaona

Mwendo wa chipu wosalumikizidwa ku kanthu umangoyandama, ukutola magetsi a mumlengalenga. N'chifukwa chake timaukokera ku mavoliti 5 kudzera mu rezisita, yomwe amisiri amaitcha pulapu, ndipo batani limaikidwa pakati pa mwendowo ndi `GND`, mzere wa mavoliti 0. Batani likakhala losadinidwa chipu chimawerenga 1, likadinidwa chimawerenga 0. ATmega328P ili ndi pulapu yake mkati, ya pakati pa makiloomu 20 ndi 50, yomwe imayatsidwa polemba 1 pa biti yoyenera ya `PORTD` mwendowo uli wolandira.

Pa mavoliti 5, wopanga amatsimikiza kuti chilichonse chochepera mavoliti 1.5 chiwerengedwa 0, ndipo choposa mavoliti 3.0 chiwerengedwa 1. Malo enieni omwe chipu chimatembenukira ali penapake pakati pa manambala awiriwa, ndipo amasuntha pang'ono malinga ndi chipu komanso kutentha.

Njira yosavuta yodziwira za batani ndi kufunsa mwendowo mobwerezabwereza, zomwe zimatchedwa polingi. Zili ngati mayi amene wateleka mkaka pamoto n'kumasuzumira mumphika kawirikawiri, kusiyana ndi kudikira kuti wina amuitane. Nayi pulogalamu ya asembule yomwe imatulutsa vuto tayamba nalo lija:

```
dikira:
    sbic PIND, PD2     ; ngati ndi 0, dumpha mzere wotsatira
    rjmp dikira
    sbi  PINB, PB5     ; tembenuza nyali
masula:
    sbis PIND, PD2     ; ngati ndi 1, dumpha mzere wotsatira
    rjmp masula
    rjmp dikira
```

Mzere wa `sbi PINB, PB5` usakudabwitseni. Pa chipu ichi, kulemba 1 mu `PINB` kumatembenuza mwendowo: woyaka uzime, wozima uyake.

Tsopano tiwerengere liwiro. Kugunda kumodzi kwa wotchi ya mamegahetsi 16 kumatenga mananosekondi 62.5. Lamulo la `sbic` likapanda kudumpha limadya kugunda kumodzi, `rjmp` imadya kuwiri, choncho kuzungulira kamodzi ndi kugunda kutatu. M'mamilisekondi 5 a kunjanja muli kugunda 80,000, kutanthauza kuti chipu chimasuzumira pa mwendowo maulendo opitirira 26,000. Kanthawi komwe chala chimati n'kamodzi, kwa chipu n'kotalika zedi, ndipo kunjanja kulikonse chimakuona ngati munthu wadina, wamasula, wadinanso. Zitsulo zikagundana katatu nyali imatembenuka katatu n'kuthera poyenera, inu osadziwa kanthu. Zikagundana kawiri kapena kanayi imabwerera pomwe inali, ndiye mumati batani silinagwire. N'chifukwa chake vutoli limaoneka ngati la apo ndi apo pomwe limachitika pafupifupi nthawi zonse.

Mita wamba yoyezera mavoliti singakuonetseni zimenezi, imachedwa kwambiri. Osilosikopu, chida chojambula mavoliti pa sikirini, imaonetsa bwino mukaitchera kuti igwire kutsika koyamba, bokosi lililonse pa sikirini likuimira milisekondi imodzi. Ngati mulibe, m'malo mwa kutembenuza nyali ikani `inc r22` ndi `out PORTC, r22`, miyendo ya `PORTC` mutaisandutsa yotulutsa n'kuikapo tinyali tinayi. Dinani kamodzi muone nambala ikudumpha kuchoka pa 1 kufika pa 4.

Njira ya zipangizo: rezisita, kapasita ndi malire awiri

Ganizo lake n'lakuti mavoliti a pa mwendo wa chipu asathe kusintha mwadzidzidzi. Kapasita imachita ngati ndowa: madzi akamalowa kapena kutuluka kudzera pa kapaipi kopapatiza, ngakhale wina atsegule ndi kutseka mpopi mofulumira kangapo, mlingo wa m'ndowamo umangosuntha pang'ono. Rezisita ndiye kapaipiko.

Kalumikizidwe kodalirika kamafuna marezisita awiri. Yoyamba, R1 ya makiloomu 10, ichoke pa mavoliti 5 kufika pa mwendo umodzi wa batani, mwendo winawo upite ku `GND`. Pamphambano ya R1 ndi batani payambire yachiwiri, R2 ya makiloomu 10, ikafike pa `PD2`. Kenaka kapasita ya mayikolofaradi 1 ikhale pakati pa `PD2` ndi `GND`.

Batani likadinidwa, kapasita imakhuthula kudzera mu R2 yokha. Kuchulukitsa rezisita ndi kapasita kumapereka nthawi yoyezera zonse, pano mamilisekondi 10. Likamasulidwa, imadzaza kudzera mu R1 ndi R2 pamodzi, nthawi yake n'kukhala mamilisekondi 20.

```
kutsika:  t = R2 * C * ln(5 / V)
kukwera:  t = (R1 + R2) * C * ln(5 / (5 - V))
```

Kuti mavoliti atsike kufika pa 1.5 pamafunika mamilisekondi 12, ndipo kukwera kufika pa 3.0 ndi mamilisekondi 18. Izi ndi nthawi zotalikitsitsa zomwe mungadikire. Ngati chipu chanu chimatembenukira cha m'ma 2.5, nthawizo zimatsika kufika pafupifupi 7 ndi 14. Zonse zikuposa mamilisekondi 5 a kunjanja, choncho pofika pomwe mavoliti akuwoloka malire zitsulo zimakhala zitakhazikika kale.

Patsala chinthu chimodzi. Mavoliti oyenda pang'onopang'ono amakhalitsa pafupi ndi malire, ndipo kaphokoso kochepa kangathe kuwawolotsa uku ndi uku, kunjanja kuja n'kubwerera m'maonekedwe ena. Yankho lake analipeza Otto Schmitt wa ku America m'chaka cha 1934, ali wophunzira wofufuza mmene mitsempha imatumizira uthenga: dera la magetsi la malire awiri, amodzi okwerera ndi ena otsikira omwe ali pansi pake. Pampu ya thanki yomwe imayamba madzi akatsika kufika pa theka n'kuzima akadzaza imachita zomwezo. Mafunde a pamwamba pa madzi sangaiyatse ndi kuizimitsa mphindi iliyonse, poti malire awiriwo atalikirana. Miyendo ya ATmega328P ili kale ndi dera lotere mkati. Koma ngati chizindikirocho chikupita ku chipu chopanda malire awiri, pakati pamaikidwa 74HC14, yomwe ili ndi zipata zisanu ndi chimodzi za mtundu umenewu ndipo imatembenuza 1 kukhala 0.

Pali zolakwika zitatu zomwe zimabwerezedwa kawirikawiri, ndipo chilichonse chili ndi chizindikiro chake. Choyamba ndi kutenga kapasita yaing'ono yolembedwa 104, ya mananofaradi 100, ndi rezisita ya makiloomu 10. Nthawi yake ndi milisekondi imodzi yokha. Vuto limachepa, munthu n'kuganiza kuti latha, koma batani likakalamba kudumpha kumayambiranso. Chachiwiri ndi kusiya R2, kapasita n'kukhala molunjika pa miyendo ya batani. Podina, kapasita imakhuthula zonse nthawi imodzi kudzera m'zitsulo zomwe malire ake amakhala pafupifupi mamiliampu 50, ndipo kathetheka kobwerezabwereza kamazidya pang'onopang'ono. Chachitatu n'chobisika kwambiri: kuiwala kuzimitsa pulapu ya mkati mwa chipu. Ikakhala yoyaka, iyo ndi R2 zimagawana mavoliti batani lili lodinidwa. Pulapuyo ikakhala ya makiloomu 50, pa mwendo pamatsala mavoliti 0.83, zomwe zili bwino. Ikakhala ya makiloomu 20 pamatsala 1.67, kupitirira malire otsimikizika a 1.5. Bolodi limodzi ligwira, linzake lopangidwa chimodzimodzi litha kumavuta, ndipo mita idzakuonetsani mavoliti osafika pafupi ndi 0 podina.

Ilipo njira ina ya zipangizo yomwe sidikira nthawi konse. Imafuna swichi ya miyendo itatu, yomwe kachitsulo kapakati kamachoka mbali ina kupita mbali inzake, ndi zipata ziwiri za 74HC00 zolumikizidwa mopingasana kuti zizikumbukira mbali yomwe yakhudzidwa komaliza. Kukhudza koyamba kumatembenuza zipatazo nthawi yomweyo, ndipo kunjanja kotsatira sikusintha kanthu chifukwa kachitsuloko sikabwerera mpaka kukakhudza komwe kachokera. Ndi njira yaukhondo kwambiri, koma kabatani wamba ka miyendo inayi sikangaigwire, poti mkati mwake miyendoyo ndi iwiriiwiri yolumikizana. Ziliponso zipu zopangidwira ntchito imeneyi yokha, monga MC14490 ya maswichi asanu ndi imodzi ndi MAX6816 ya swichi imodzi.

Njira ya pulogalamu: kudikira muvi wa sikelo

Wogula chimanga akapachika thumba pa sikelo salemba nambala yoyamba yomwe waona. Muvi umayamba wagwedezeka, iye amadikira kuti uime, ndipo wina akagunda thumbalo amayambiranso kudikira. Dibaunsi ya mu pulogalamu ndi yomweyo. Chipu chimasunga zomwe chikukhulupirira pakali pano za batani, ndipo chimasintha maganizo pokhapokha mwendo utanena zosiyana maulendo angapo motsatizana popanda kudukiza. Njirayi inafala pomwe tizipu tokhala ndi pulogalamu tinatchipa, chifukwa malamulo ochepa owonjezera salipiridwa pa bolodi lililonse monga zimakhalira ndi kapasita.

Ambiri amayamba ndi kuimitsa chipu mamilisekondi 20 akangoona 0, kenaka n'kuwerenganso. Zimagwira pa ntchito yaing'ono, koma nthawi yonseyo chipu sichichita china chilichonse, ndipo chigamulo chimadalira kuwerenga kuwiri kokha. Njira yolimba ndi kusuzumira pa nthawi zofanana, kamodzi pa milisekondi, pogwiritsa ntchito tayima ya mkati. Tikagawa mamegahetsi 16 ndi 64 timapeza kugunda 250,000 pa sekondi, ndipo tayima ikamawerenga kuyambira 0 kufika 249 n'kuyambiranso, imazungulira kamodzi pa milisekondi iliyonse. Ikafika pamenepo imakweza mbendera yotchedwa `OCF0A`.

```
.include "m328Pdef.inc"
    sbi  DDRB, PB5                 ; nyali
    cbi  DDRD, PD2                 ; batani
    sbi  PORTD, PD2                ; pulapu ya mkati
    ldi  r16, 249
    out  OCR0A, r16
    ldi  r16, (1<<WGM01)
    out  TCCR0A, r16
    ldi  r16, (1<<CS01)|(1<<CS00)  ; gawa ndi 64
    out  TCCR0B, r16
    ldi  r20, (1<<PD2)             ; lomasulidwa
    ldi  r21, 10
```

Pano pulapu ya mkati tayiyatsa, chifukwa palibe R2 kapena kapasita, batani langolumikizidwa pakati pa `PD2` ndi `GND`. Rejisita `r20`, kamalo kosungira nambala mkati mwa chipu, ndiyo chikhulupiriro cha chipu, `r21` ndi maulendo otsala kuti chisinthe maganizo.

```
dikira:
    sbis TIFR0, OCF0A
    rjmp dikira
    sbi  TIFR0, OCF0A     ; tsitsa mbendera
    in   r16, PIND
    andi r16, (1<<PD2)
    cp   r16, r20
    brne zasiyana
    ldi  r21, 10          ; zafanana, yambiranso
    rjmp dikira
zasiyana:
    dec  r21
    brne dikira
    mov  r20, r16         ; vomereza
    ldi  r21, 10
    tst  r20
    brne dikira           ; kumasula, palibe chochita
    sbi  PINB, PB5        ; kudina kwenikweni
    rjmp dikira
```

Mizere iwiri yoyambirira ikudikira mbendera. Wachitatu ukuitsitsa, ndipo apa ambiri amapunthwa: pa zipu za AVR mbendera za tayima zimafufutidwa polembamo 1, osati 0. Mukalemba `cbi` mbendera imakhalabe m'mwamba, pulogalamu imazungulira paliwiro lonse, maulendo khumi aja amatha m'mamayikolosekondi ochepa, ndipo kudumpha kumabwerera ngati kuti dibaunsi kulibe. Kenaka `in` ikutenga miyendo yonse isanu ndi itatu ya doko D, ndipo `andi` ikufufuta ina yonse kusiya `PD2`, moti `r16` imakhala 4 batani likamasulidwa kapena 0 likadinidwa. Mukaiwala `andi`, mwendo wina uliwonse ukasintha chipu chiziti batani lasuntha.

Mtima wa pulogalamuyi ndi mzere wa `ldi r21, 10` womwe uli pansi pa `brne` woyamba. Kuwerenga kumodzi kokha kogwirizana ndi chikhulupiriro chakale kumabweza chiwerengero pa 10. Tiyeni titsate kudina kumodzi kongoyerekeza, pomwe mwendo ukupereka 0, 1, 0, 0, 1 kenaka 0 mosalekeza. Pa kusuzumira koyamba 0 akusiyana ndi chikhulupiriro, `r21` ikutsika pa 9. Kachiwiri kwabwera 1, zitsulo zalekana, ikubwerera pa 10. Kachitatu ndi kachinayi ikutsika pa 9 kenaka 8. Kachisanu 1 wabweranso, 10 kachiwiri. Kuyambira kachisanu ndi chimodzi palibe chodukiza, ndipo pa kusuzumira kwa nambala 15 `r21` ikufika pa 0. Pamenepo `dec` ikukweza mbendera ya ziro, `brne` sikudumpha, `r20` ikusanduka 0 ndipo nyali ikutembenuka kamodzi. Mamilisekondi pafupifupi 15 adutsa chidinireni, kanthawi komwe diso silingakazindikire pa nyali.

Chala chikakhalabe pa batani, zowerengedwa zimafanana ndi `r20` ndipo palibe chochitika, ngakhale mutagwira mphindi yathunthu. Pomasula njira ndi yomweyo, maulendo khumi a 4 motsatizana, koma `tst` imapeza kuti si ziro, nyali n'kusiyidwa. Kusefa kumasula n'kofunika mofanana ndi kusefa kudina. Mukakusiya, kunjanja kwa pochotsa chala kumawerengedwa ngati kudina kwatsopano.

Ntchito yonseyi, ngakhale potsata njira yaitali kwambiri, sifika kugunda 20 mwa kugunda 16,000 komwe kuli mu milisekondi imodzi. Kotsalako n'kwa ntchito zina, zomwe mungaziike m'malo mongozungulira pa `dikira`.

Pomwe pulogalamuyi imagwera

Mbendera ya `OCF0A` ndi biti imodzi, siwerenga kuti yakwezedwa kangati. Ngati ntchito zina zomwe mwawonjezera zikutenga mamilisekondi 8 musanabwerere kudzaiona, kusuzumira kumachitika kamodzi pa mamilisekondi 8, ndipo maulendo khumi amasanduka mamilisekondi 80. Chizindikiro chake ndi batani lomwe limamveka lolemera, lofuna kugwiriridwa, ndipo kudina kwachangu kumasowa. Zikatero, malamulo omwewa amasamutsidwira mu intarapiti ya tayima, yomwe imadukiza ntchito ina iliyonse nthawi ikakwana, kuti azichitika pa nthawi yake zivute zitani.

Chizindikiro chomwechi chimaonekanso pa chifukwa china. ATmega328P yatsopano, yosachokera pa bolodi la Uno, imabwera ikuyendera wotchi ya mkati ya mamegahetsi 8 yogawidwa ndi 8, ndiye kuti megahetsi imodzi. Manambala athu a 64 ndi 249 pamenepo amapereka mamilisekondi 16 m'malo mwa imodzi, ndipo batani liyenera kugwiridwa mamilisekondi 160 kuti limveke. Yankho ndi kukonza mafyuzi a chipu, mabiti a mkati osankhira wotchi, kapena kuwerengeranso tayima: pa megahetsi imodzi, gawani ndi 8 ndipo muike 124 mu `OCR0A`. Dziwaninso kuti malamulo a Arduino a `millis()` ndi `delay()` amadalira tayima yomweyi, choncho pulogalamu ili pamwambayi ndi yoima payokha, siyosakaniza ndi amenewo.

Waya wautali umabweretsa mdani wina amene si kunjanja. Batani likakhala pa geti kapena pa thanki, mamita angapo kuchoka pa bolodi, wayayo amatola phokoso la mawaya a magetsi a m'nyumba, omwe ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amasinthasintha maulendo 50 pa sekondi. Funde limodzi limatenga mamilisekondi 20, theka lake 10, pafupi kwambiri ndi zenera lathu la maulendo khumi. Kukweza chiwerengero kufika 25 kumathandiza, popeza palibe theka la funde lomwe lingakhale pansi nthawi yonseyo. Kusuzumira kamodzi pa mamilisekondi 20 enieni ndiye koyenera kupewa, chifukwa mungamagwire malo omwewo a funde ulendo uliwonse n'kuona 0 wokhazikika yemwe kulibe. Komabe pulogalamu singateteze mwendo wa chipu ku mavoliti owononga. Pa waya wotere pamafunikabe pulapu yolimba yakunja, monga ya makiloomu 4.7, pamodzi ndi rezisita ndi kapasita pafupi ndi chipu.

Ndipo pali malo omwe kulibiretu pulogalamu yoti isefe kanthu: batani lopita molunjika ku mwendo wa wotchi wa chowerengera ngati CD4017, kapena ku mwendo woyambitsiranso chipu. Kumeneko zipangizo zokha ndi zomwe zingagwire ntchito.

Mafunso omwe amisiri sagwirizanabe

Loyamba ndi lakuti tivomereze liti. Pulogalamu yathu imadikira bata kenaka n'kuvomereza. Ena amachita mosemphana: amavomereza 0 woyamba nthawi yomweyo, kenaka n'kutseka makutu kwa mamilisekondi angapo. Yankho limabwera msanga, zomwe opanga makiyibodi a masewera amazifuna, ndipo pulogalamu ya makiyibodi ya QMK imalola munthu kusankha pakati pa njira ziwirizi, nthawi yake yoyambira ili mamilisekondi 5. Mtengo wa kuvomereza msanga ndi wakuti kaphokoso kamodzi kochokera ku mota kapena rileyi kamasanduka kudina. Chomwe chili choipa kwambiri pakati pa kuchedwa mamilisekondi 10 ndi kudina kwabodza chimadalira zomwe batanilo likulamulira.

Lachiwiri ndi kutalika kwa zenera. Lalifupi limalola kudumpha batani likakalamba, lalitali limameza kudina kwachangu. Pepala la wopanga limanena za batani latsopano, pomwe la pa chipangizo chokhala pa fumbi ndi chinyontho limasintha m'kupita kwa zaka. Nambala ya mu `r21` imasinthika polemba mzere umodzi, kapasita imafuna kuwotcherera, koma kapasita siidalira kuti wolemba pulogalamu wotsatira asaononge nthawi ya kuzungulira. Mabatani akachuluka, zipangizo zimachulukanso zitatuzitatu, pomwe pulogalamu imangofuna marejisita kapena malo owonjezera okumbukira.

Lachitatu likukhudza zipangizo za batire. Polingi imafuna chipu chodzuka, koma m'tulo tozama kwambiri ta ATmega328P tayima yathuyi imaima. Batani liyenera kudzutsa chipu kudzera mu intarapiti, ndipo `PD2` ndi mwendo wa `INT0` womwe ungachite zimenezo. Kunjanja kumayambitsa intarapiti kangapo, choncho ambiri amaizimitsa ikangolira koyamba, amasefa ndi polingi, kenaka amafufuta mbendera ya `INTF0` asanaiyatsenso. Funso lotsala n'lakuti chipu chikhale maso nthawi yotalika bwanji chisanagonenso, komanso ngati kapasita yochepetsa kudzuka kwabodza ikupulumutsa batire yokwanira kulipira malo ake pa bolodi. Zimenezo zimadziwika poyeza magetsi omwe chipangizocho chikudya, batani lake lenilenilo lili pomwepo ndi waya wake.